Moni Coyamba, Kapena Nkhani?

Awerengi athu, uthenga wa mau pa WhatsApp uli ndi bvuto limodzi: wolandira sadziwa zimene zili m'menemo kufikira ataumvetsera.

Potumizira makolo kapena apongozi, yambani ndi moni waufupi: "Mwauka bwanji, atate? Kuno tili bwino." Pomwepo lowani m'nkhani, cifukwa moni wokha umawasiya akudikira osadziwa cimene mufuna.

Koma mwana akalumidwa ndi njoka, nenani msanga: "Atate, bwerani ndi ngolo, tipite naye kucipatala." Mukatero imbaninso lamya, pakuti uthengawo ungagone osamvedwa ngati bando yawathera.

Za maliro musatumizire nkhalamba motere. Tumani munthu akaikhazike pansi ndi kuiuza bwino.