Mwana akafunsa kuti "ndani akunama?", mphunzitsi ayankhe chiyani?

Tiyerekeze kalasi la Folomu 2 kusekondale yoyendera ku Machinga. Ana akhala atatuatatu pa desiki, ndipo mphunzitsi akulongosola za Abrahamu amene anatenga mwana wake Isake kukampereka nsembe. Mtsikana wina kumbuyo akukweza mkono: "Aphunzitsi, kumadrasa anatiuza kuti anali Isimaeli." Kalasi lonse zii. Kenaka mnyamata wa kwaya ya ku CCAP akuponya funso lake: "Ndiye akunama ndani, Baibulo kapena Korani?"

Kodi mphunzitsiyu ayankhe chiyani? Ndipo ndani anamukonzekeretsa za mphindi imeneyi?

Ambiri amathawa. Amati "zimenezo sizili pa silabasi", nkutembenukira ku bolodi. Koma funso silifa chifukwa choti mphunzitsi walikana. Limatuluka ndi ana pa buleki, nkukathera kumjigo ndi mawu akuti "inu mukapsa". Ena samathawa, amangoyankha monga amakhulupirira iwo eni, poti Lamulungu ndi akulu ampingo. Kodi mtsikana uja akamva mphunzitsi wake, amenenso amachonga mayeso ake, akunena kuti shehe anamunamiza, mawa adzakwezanso mkono?

Ife tikuti funsoli lili ndi mbali ziwiri, ndipo mphunzitsi ayenera kuzilekanitsa pamaso pa ana. Mbali yoyamba ndi yakuti mabukuwo akunena chiyani. Imeneyi ili ndi yankho, ndipo kubisa yankholo ndi ulesi. Genesis chaputala 22 amatchula Isake ndi dzina, amatchulanso dziko la Moriya ndi nkhosa yamphongo imene inakodwa m'chitsamba. Korani, mu Sura 37, imasimba kuti Ibrahimu analota akupereka mwana wake nsembe, anamuuza mwanayo, mwanayo nkuvomera. Koma pamenepo dzina la mwanayo silitchulidwa. Nkhani ya kubadwa kwa Isake imabwera pambuyo pa nkhani ya nsembeyo, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene Asilamu ambiri amanenera kuti anali Isimaeli. Akatswiri ena akale a Chisilamu, monga al-Tabari, ankati anali Isake. Kodi ndi aphunzitsi angati amadziwa zimenezi? Nanga wosazidziwa angakhazike bwanji mtima wa kalasi pansi?

Mphunzitsi wodziwa ntchito amagawa bolodi pakati. Mbali ino alemba zimene Genesis akunena, mbali inayo zimene Sura 37 ikunena, nkuwauza ana apeze okha pamene nkhanizi zikukumana: bambo womvera Mulungu, mwana amene sanaphedwe, nsembe ina imene inalowa m'malo mwake. Akatero afunse chifukwa chake Asilamu amazinga mbuzi kapena ng'ombe pa Idi ya nsembe nkugawira osauka nyama, ndi chifukwa chake Akhristu ambiri amaona m'nkhaniyi chithunzi cha imfa ya Yesu. Mtsikana uja wamva zakwawo zikunenedwa molondola, mnyamata ujanso chimodzimodzi, ndipo palibe amene wauzidwa kuti asiye chikhulupiriro chake.

Mbali yachiwiri ndi yakuti choona ndi chiti. Apa mphunzitsi anene poyera, mosachita manyazi, kuti Akhristu ndi Asilamu akhala akusiyana pa nkhaniyi kwa zaka mazanamazana, ndipo kalasi la mphindi 40 silingagamule. Awauzenso ana kuti kusiyana si kunama: wonama ndi amene akudziwa choona nkunena china. Chida chake chachikulu ndi timawu tochepa toyambira chiganizo. "Yesu anafa pa mtanda nkuuka" ndi ulaliki. "Akhristu amakhulupirira kuti Yesu anafa pa mtanda nkuuka, pamene Asilamu, potsatira Sura 4 ndime 157, amati sanaphedwe ndipo sanapachikidwe" ndi phunziro. Kodi timawu timeneti ndi tolemera kuposa choko?

Koma tisanamizane kuti zipembedzo zonse zimanena zofanana. Mphunzitsi amene amatseka nkhani ndi mawu akuti "Mulungu ndi mmodzi, tonse tikupita kumodzi" amaganiza kuti wabweretsa mtendere, chonsecho walakwira onse awiri. Mwana wachisilamu akudziwa kuti kwawo sanena kuti Mulungu ali ndi mwana. Wachikhristu akudziwa kuti chikhulupiriro chake chagona pomwepo. Ana si opusa. Akaona kuti wamkulu akuphimba kusiyana kumene iwo akukuona ndi maso, amaleka kumukhulupirira pa zinanso.

Palinso mwana wina amene timamuiwala, ndipo zimatiwawa. M'makalasi a ku Dedza, Dowa kapena Mchinji mumakhala anyamata olowa gule. Phunziro likafika pa chipembedzo cha makolo, mphunzitsi wina amaloza mmodzi: "Iwe, poti unameta, tatiuza, m'chilombo muja mumakhala chiyani?" Kodi akudziwa chimene wachita? Mwanayo analumbira kudambwe kuti sadzaulula. Akayankha wapalamula kumudzi, akakhala chete anzake amuseka kuti ndi wachikunja. Gule Wamkulu analemekezedwa ndi UNESCO mu 2005; kodi tizinyadira naye pamaso pa alendo, nkumachititsa manyazi mwana wake m'kalasi? Mwana asasandutsidwe mneneri wa chipembedzo chake. Akafuna kulankhula yekha, alankhule. Akapanda kufuna, buku ndi mphunzitsi ndiwo alankhule. Ndipo funso likaloza munthu, monga "kodi uyu akapsa?", mphunzitsi alibweze msanga: m'kalasi muno timafunsa zimene mipingo imaphunzitsa za chiweruzo, sitiweruza mnzathu amene tagawana naye desiki.

Dziko lino lalawapo kale zowawa za nkhanizi. Mu 2000 boma litafuna kuti phunziro la Zipembedzo ndi Makhalidwe lilowe m'malo mwa phunziro la Baibulo m'sekondale, mipingo inakana kwamtuwagalu, ndipo Pulezidenti Bakili Muluzi anaimitsa ganizolo. Mapeto ake maphunziro onse awiri anatsala pa ndandanda. Mu 2019 mkangano wa hijabu unatseketsa sukulu ku Balaka, mpaka bungwe la PAC linakhazika pansi atsogoleri a mbali zonse. Mu 2023 Bwalo Lalikulu ku Zomba linagamula kuti ana achirasta asaletsedwe sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo. Gawo 33 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa munthu aliyense ufulu wa chipembedzo ndi chikumbumtima. Zonsezi zinakambidwa ndi mabishopu, mashehe ndi oweruza. Nanga mphunzitsi amene amaima yekha pamaso pa ana, choko kumanja, ndani amamufunsa mmene zikumuyendera?

Ngakhale pa sukulu imene imaphunzitsa za Baibulo zokha, mwana wachisilamu amakhala momwemo, akukonzekera mayeso a MANEB ngati anzake. Mayeso amafunsa zimene buku likunena, safunsa ngati mwanayo wabatizidwa. Bwanji nanga mphunzitsi azifunsa zimene mayeso safunsa?

Tikupempha Unduna wa Zamaphunziro ndi makoleji osula aphunzitsi, kuyambira ku Domasi, kuti wophunzira uphunzitsi asapatsidwe kalasi la zachipembedzo asanayesedwe pa mafunso enieni ngati la Isake ndi Isimaeli, anzake akukhala ngati ana ofunsa mosanyengerera. Inunso makolo, mwana akabwera kunyumba nkunena kuti lero amva zimene a chipembedzo china amakhulupirira, musathamangire kwa ahedi ndi mkwiyo. Yambani mwamufunsa ngati zakwanu nazonso zinanenedwa molondola.