Wophunzira asapepese m'kalata yopemphera atachimenti

M'makalata ambiri amene ophunzira a chaka chomaliza amatumiza pa imelo kumakampani popempha malo ophunzirirapo ntchito, mumapezeka chiganizo chimodzi chimene chimafooketsa kalata yonse. Chimabwera m'ndime yoyamba kapena yachiwiri, ndipo tanthauzo lake limakhala lakuti: "Ngakhale sindinagwirepo ntchito kulikonse, ndine wolimbikira ndipo ndimaphunzira msanga." Wolembayo amaona ngati waonetsa ulemu ndi chilungamo. Koma chimene wachita ndi kuika patsogolo chinthu chokhacho chimene alibe, n'kubisa zimene ali nazo. Chiganizo chimenechi n'choyenera kufufutidwa, ndipo m'malo mwake mulowe nkhani imodzi yooneka ya ntchito imene wophunzirayo anaigwiradi ndi manja ake, ngakhale sanalandirepo malipiro.

Chifukwa chake n'chosavuta. Munthu amene akutsegula imelo ya wophunzira wa kuyunivesite amadziwa kale kuti wolembayo sanalembedwepo ntchito, pakuti atachimenti anaikidwira anthu otere. Funso limene ali nalo ndi lina: mwana ameneyu akapatsidwa mpando Lolemba m'mawa, pali chimene angapatsidwe kuti achite popanda kumuimirira kumbuyo tsiku lonse? Mawu akuti "wolimbikira" sayankha funso limeneli, chifukwa aliyense amawalemba ndipo palibe njira yowatsimikizira. Chimene chimayankha ndi umboni, ndiye kuti ntchito yotchulidwa dzina, kukula kwake, ndi mmene inathera.

Chitsanzo chingakhale cha mtsikana wa chaka chachinayi amene akuphunzira zowerengera ndalama mumzinda wa Blantyre, ndipo akufuna atachimenti pa kampani yogulitsa katundu wa m'masitolo. Sanagwirepo ntchito mu ofesi iliyonse. Koma kwa chaka chathunthu anali msungichuma wa bungwe la ophunzira a m'dipatimenti yake, la mamembala 120, aliyense wopereka K5,000 pa semesita. Ndalamazo ena ankapereka pamanja, ena pa foni. Pamapeto pa semesita yoyamba anapeza kuti ndalama zimene zinalowa zikuposa zolembedwa m'buku ndi K35,000. Anatenga mndandanda wa ndalama zolowa pa foni n'kuufananitsa mzere ndi mzere ndi buku, ndipo anapeza kuti anthu 7 anatumiza ndalama pa nambala za abale awo, choncho maina awo sanalembedwe. Kuyambira pamenepo anakonza tebulo mu `Excel` lolembamo tsiku, dzina ndi nambala ya chiphaso cha ndalama iliyonse, ndipo semesita yachiwiri inatsekedwa popanda kusiyana kulikonse.

Mtsikana ameneyu akafunsidwa ngati ali ndi luso la ntchito, amayankha kuti ayi. Komatu zimene anachitazo ndi ntchito yeniyeni imene wophunzira amapatsidwa sabata yake yoyamba mu ofesi ya zachuma: kuyanjanitsa zolembedwa m'mabuku ndi zimene banki ikuonetsa, kusaka pamene pasiyana, ndi kufotokoza chifukwa chake. Kusiyana kwake n'kwakuti pa kampani manambala amakhala aakulu. Njira yake ndi yomweyo.

Imelo yake, imene idzalembedwa m'Chingerezi monga mwa chizolowezi cha maofesi, iyenera kuyamba kugwira ntchito pa mzere wa mutu. Mutu wongoti `Application` kapena wosiyidwa wopanda kanthu umasochera pakati pa makalata ena. Mutu wabwino umanena chimene chikupemphedwa, dipatimenti yake ndi nthawi yake:

```
Internship request: Accounts, December 2025 to February 2026
```

Mkati mwake ndime zitatu zikwanira, zoti munthu aziwerenge pa foni osatsitsa kawiri. Ndime yoyamba inene amene akulemba ndi chimene akufuna. Tanthauzo lake lingakhale ili: "Ndine wophunzira wa chaka chachinayi wa zowerengera ndalama, ndipo ndikupempha malo ophunzirirapo ntchito mu ofesi yanu ya zachuma kwa miyezi itatu, kuyambira pa 1 Disembala." Ndime yachiwiri ndiyo ya umboni: "Chaka chatha ndinasunga chuma cha bungwe la ophunzira 120, ndalama zokwana K600,000 pa semesita. Nditapeza kusiyana kwa K35,000 pakati pa buku ndi ndalama za pa foni, ndinazifufuza mpaka kupeza eni ake onse 7, ndipo ndinakonza tebulo limene bungweli likugwiritsabe ntchito." Ndime yachitatu ilumikize umboniwo ndi zosowa za kampaniyo, kenako itchule zimene zamatidwa ku imeloyo.

Ndime yachitatuyi ndi imene imalekanitsa amene waganiza ndi amene wangotumiza kalata imodzimodzi kumakampani makumi atatu. Mtsikanayu sanasankhe Disembala mwangozi. Makampani ambiri amatseka chaka chawo cha zachuma pa 31 Disembala, ndipo nthawi imeneyo pamakhala kuwerenga katundu yense wa m'nyumba zosungiramo, kusonkhanitsa ziphaso ndi kukonzekera oona za mabuku amene amafika m'miyezi yotsatira. Imeneyi ndi nyengo imene ofesi ya zachuma imasowa manja. Wophunzira akalemba kuti angathandize kuwerenga katundu pamapeto pa chaka ndi kuyanjanitsa ziphaso za ogula, wasiya kukhala wopempha chithandizo chabe, wasanduka munthu amene wabweretsa yankho pa vuto limene bwana wa ofesiyo akulidziwa bwino. Asanalembe zimenezi ayenera kutsimikiza kaye za kampaniyo, chifukwa ena amatseka chaka chawo mu Malichi, mu Juni kapena mwezi wina, ndipo kutchula mwezi wolakwika kumaonetsa kuti sanafufuze. Paja safunsa anadya phula.

Zomata zikhale ziwiri zokha: chikalata cha mbiri yake, chija amachitcha sivi, cha tsamba limodzi, ndi kalata yomudziwitsa yochokera kusukulu ngati dipatimenti yake imapereka. Zonse zikhale za mtundu wa `PDF`, kuti zisasokonekere potsegula pa foni, ndipo dzina la fayilo likhale dzina lake lenileni, osati `CV final final2`. Ngati analembetsa ngati wophunzira ku bungwe la akatswiri owerengera ndalama, monga ICAM ku Malawi kapena ZICA ku Zambia, atchule m'mzere umodzi. Tebulo la bungwe lija asalimate, pakuti muli maina ndi manambala a foni a anzake. Wofuna ntchito ya zachuma amene akumwaza zinsinsi za anthu m'kalata yake yoyamba wadzichotsa yekha pa mndandanda.

Pali zotsutsa zitatu zimene ziyenera kuyankhidwa moona mtima. Choyamba n'chakuti mwana woleredwa bwino sadzitama pamaso pa akulu, ndipo kalata yotchula zimene munthu wachita imamveka ngati kudzikweza. Nkhawa imeneyi ili ndi maziko, koma yalunjika pa kalata yolakwika. Kudzitama ndi kulemba kuti "ndine waluntha, wokhulupirika ndi wodalirika", chifukwa pamenepo munthu akudzipatsa yekha mayamiko. Kulemba kuti panasowa K35,000 ndipo zinapezeka mwa njira yakutiyakuti ndi kupereka lipoti, n'kusiyira wowerenga kuti aweruze yekha. Ulemu uli ndi malo ake m'kalatamo: m'malonje oyenera, m'kulemba dzina ndi udindo wa wolandira molondola, m'kupewa chilankhulo chodula cha pa foni, ndi m'kuthokoza pomaliza. Kudzichepsa mpaka kubisa ntchito imene unagwira si ulemu. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Chotsutsa chachiwiri n'chakuti si wophunzira aliyense amene anakhalapo msungichuma. N'zoona, koma n'kovuta kuti munthu afike chaka chachinayi asanagwire kanthu kalikonse. Pali kafukufuku wa chaka chomaliza, pali ntchito ya m'magulu imene inafuna kupita kumsika kukafunsa amalonda, pali mabuku a banki m'khonde ya mayi ake amene amawalembera pa tchuthi, pali okala ya malume imene anaiyendetsa miyezi iwiri. Muyeso wosankhira ndi umodzi: ntchitoyo ikhale yoti angaifotokoze kwa mphindi zisanu atafunsidwa maso ndi maso, ndipo pakhale munthu wina woti angaichitire umboni. Apa ndi pamene pali malire osayenera kudumphidwa. Amene anathandiza pa okala asadzitche woyang'anira sitolo, ndipo amene anangotsegulapo pulogalamu ya zowerengera kamodzi m'kalasi asalembe kuti amaidziwa. Bodza lotere limaululika ndi funso limodzi, ndipo likaululika limaipitsa ndi zoona zomwe zinali m'kalatamo.

Chotsutsa chachitatu ndicho cholemera kuposa zonse: kuti malo ambiri amapita kwa amene ali ndi wowadziwa mkati, ndipo imelo ya mlendo siwerengedwa n'komwe. Palibe kalata imene ingathetse kukondera. Komabe ngakhale pamene pali wodziwana naye, chimene munthuyo amachita kawirikawiri ndi kutumiza imeloyo kwa mkulu wa dipatimenti ndi mawu ochepa, ndipo mkuluyo amawerenga zomwezo zimene wophunzira analemba. Kwa amene alibe wowadziwa, njira ndi kufunsa mphunzitsi woona za atachimenti kapena amene anamaliza chaka chatha kuti makalata otere amalandira ndani, chifukwa imelo yopita kwa munthu wodziwika dzina ili ndi mwayi woposa yoponyedwa ku adiresi ya `info@`. Pakatha masabata awiri popanda yankho, chikumbutso chimodzi chachifupi, cholembedwa pansi pa imelo yoyamba ija, n'chokwanira. Chachitatu ndi chachinayi chimatopetsa, ndipo nthawiyo ndi bwino kuithera pa kampani ina.

Asanatumize, wophunzira angayese kalata yake motere: aphimbe dzina lake ndi dzina la kampani, n'kudzifunsa ngati mnzake wa m'kalasi angaitumize monga ilili ku kampani ina. Ngati angatero, ndiye kuti kalatayo sinanene kanthu za iye kapena za kampaniyo, ndipo iyenera kulembedwanso. Ya mtsikana uja singabwerekedwe, chifukwa K35,000 ija ndi anthu 7 aja anawapeza ndi iye, ndipo mwezi wa Disembala anausankhira kampani imeneyo.