Kilo ya usipa wa Lolemba si ya Lachisanu

"Usipa ulipo, wabwino zedi, thamangani." Uthenga wotere ndimaulandira pafoni pafupifupi sabata iliyonse, ndipo mwezi watha ndinakopeka. Ndinaitanitsa makilo 5 kwa mayi wina amene amapikula nsomba ku Mangochi. Usipawo unafika wofewa, wozizira m'manja, choncho ndinauyanika padzuwa masiku awiri. Nditakauyeza pa sikelo ya mnzanga wogulitsa nyemba, unangokwana makilo 4 ndi theka. Mayiwo sanandibere ayi. Anayeza nsomba isanaumitsitse, ndipo theka la kilo limene ndinalipira linali madzi.

N'chifukwa chake ndimauza abale anga a geni ya nsomba kuti mawu oti "wabwino" sauza wogula kanthu. Lembani tsiku limene nsombayo inachoka pathandala ndi tsiku limene munaiyeza. Wogula akaona kuti usipa unauma Lolemba n'kuyezedwa Lachinayi, amadziwa kuti kilo yake sichepanso panjira. M'nyengo ya mvula masiku amenewa ndi ofunika koposa, chifukwa nsomba yopakiridwa ili ndi chinyontho imachita chuku m'thumba, ndipo fungo lake simungalibise ndi tomato.

Nenaninso kuti ndi usipa wotani. Wofutsa, uja amayamba auviika m'madzi owira asanauyanike, suli ngati wongoyanika padzuwa, pakukoma ngakhale pamtengo. Wouma pamchenga umalumitsa mano, ndiye ngati wanu unauma pathandala, lembani, ndi chuma chanu chimenecho. Usipa wonona ukakhalitsa mafuta ake amasanduka achikasu ndipo umayamba kuwawa. Chithunzi chojambulidwa lero pa lichero, masana, chimaonetsa zimenezi. Chithunzi cha katundu wa mwezi watha chimangodzetsa mkangano.

Za muyezo, sankhani chimodzi. Ena amalemba mtengo wa kilo koma poperekapo amatunga ndi chigoba cha malita 5, pomwe chigoba cha bonya ndi cha utaka sizilemera mofanana. Mukati kilo, ikhale ya nsomba yokha, katoni ndi thumba zili pambali.

Kumene ambiri amagwa ndi pa katengedwe. "Tipezana m'tauni" si malo. Tchulani msika, mbali yake, ndi nthawi yoyambira ndi yomalizira. Ngati katundu akwera minibasi, lembani amene alipire kondakitala, komanso ngati ndalama ya pa Mpamba kapena Airtel Money itumizidwe katundu asananyamuke kapena atafika.

Mayi aja ndinawaimbira, osati mokalipa. Sabata ino anditumizira uthenga wina: "Usipa wofutsa wa ku Msaka, wouma pathandala Loweruka, ndauyeza lero Lachiwiri. Makilo 12 atsala, thumba sindinaliwerengere. Mundipeza pageti la msika kuyambira 2 koloko mpaka 5 koloko. Bwerani ndi jumbo yanu." Ndatenga makilo atatu, ndipo jumbo ndinaiwala.