Buledi Akachita Chuku, Kodi Kudula Pomwe Pawonongekapo N'kokwanira?

Nyengo ya mvula ikafika, buledi sachedwa kuchita chuku. Lofu yomwe m'mwezi wa June inkatha masiku asanu ili bwinobwino, mu January imayamba kuonetsa timadontho tobiriwira pa tsiku lachitatu kapena lachinayi. Ambirife zikatero timangotenga mpeni n'kusepa pomwe pali dontholo, kwinako n'kupaka chiponde n'kupatsa ana kuti amwere tiyi. Sitichita zimenezi chifukwa cha uve ayi. Buledi wakwera mtengo, ndipo tinakula tikuuzidwa kuti chakudya satayira kudzala. Koma pa nkhani ya buledi mpeni sutithandiza. Lofu yomwe yaonetsa chuku, ngakhale pamalo amodzi okha, ndi yoyenera kutayidwa yonse.

Chifukwa chake chagona pa kameredwe ka chuku. Chuku ndi cha m'gulu limodzi ndi bowa, ndipo aliyense amene anazulapo bowa pachulu amadziwa kuti chomwe timazulacho ndi kachigawo chabe, mwini wake ali pansi, anayala timaulusi toyera m'dothi. Chuku cha pa buledi chimachitanso chimodzimodzi. Kanjere kake, kosaoneka ndi maso, kamauluka mumpweya n'kutera pa buledi. Kakapeza chinyezi ndi kufunda kamatulutsa timaulusi topyapyala kuposa tsitsi, tomwe timalowa m'kati kukasaka chakudya. Pa nthawi imeneyi buledi amaoneka wabwinobwino. Dontho lobiriwira, lakuda kapena laubweya woyera lija limadza pambuyo, chuku chikakhwima n'kuyamba kubala njere zatsopano. Choncho tsiku lomwe taona dontho si tsiku lomwe chuku chayamba, chinakhala chikudya bulediyo kale ife tisakudziwa.

Tsono taganizirani m'kati mwa buledi momwe mulili. Yisiti inasiyamo timabowo tosawerengeka, ndipo mnofu wake ndi wofewa, wachinyezi. Timaulusi ta chuku timadutsa m'timabowomo popanda chotitchinga, ndipo timafika kutali ndi pomwe pali dontho. Palibe mzere womwe diso lingaone n'kunena kuti chuku chathera apa. Wodulayo amangoyerekeza, ndipo mpeni womwewo ukakhudza dontho umanyamula njere n'kukazipaka pambali yomwe timati ndi yabwino.

Pali zakudya zina zomwe kudula kumathandizadi, ndipo mwina ndi kumene tinatengera chizolowezichi. Karoti, kabichi ndi tchizi cholimba n'zothinana m'kati, motero timaulusi sitilowa patali. Malangizo a Unduna wa Zaulimi wa ku America amati pa zakudya zolimba ngati zimenezi munthu angathe kudula masentimita 2.5 kuzungulira dontho ndiponso kunsi kwake, mpeni osaukhudzitsa pa chukupo, n'kudya zotsalazo. Malangizo omwewo akafika pa buledi ndi zophikaphika zina za ufa amati tayani. Ndiye kuti masikono, mabanzi, mandasi ndi chigumu zili m'gulu la buledi, osati la karoti.

Tiyeni titsate lofu imodzi. Mwagula buledi wodulidula Lolemba, masilayisi ali pafupifupi 20, ndipo mwamusiya m'pepala lake la pulasitiki pamwamba pa kabati, m'khitchini momwe mbaula imayaka m'mawa ndi madzulo. Tsiku lililonse dzanja limalowa m'pepalamo, nthawi zina lisanaume bwino. Lachinayi m'mawa mwatsala masilayisi 8, ndipo pa silayisi yachitatu kuchokera kukamwa kwa pepala pali kadontho kobiriwira kangati mutu wa machesi. Nzeru yoyamba imati chotsani silayisi imeneyo pamodzi ndi ziwiri zoyandikana nayo, zisanu zotsalazo n'zabwino. Koma masilayisi asanuwo akhala masiku atatu m'pepala limodzi ndi inzawoyo, pa kutentha komweko ndi chinyezi chomwecho, ndipo anadulidwa ndi makina amodzi. Dontho lomwe layamba kale kubiriwira likumwaza njere, ndipo nthawi iliyonse pepala likatsegulidwa kapena kufinyidwa, njerezo zimafalikira m'kati monse. Mukafuna umboni, sungani masilayisi asanuwo padera osawadya mpaka Lamlungu, kawirikawiri mudzapeza nawonso atamera. Lachinayi lija chuku chinalimo kale, chinali chisanaonekere chabe.

Ena amati ingomuwotchani pa chiwaya kapena pa makala, moto upha zonse. Moto umaphadi chuku, koma vuto si chuku chokha. Mitundu ina ya chuku ikamakula imatulutsa poizoni yemwe amalowerera m'chakudya, ndipo poizoni ameneyu satha ndi moto wa kukhitchini. Afulatokisini, amene alangizi a zaulimi amatichenjeza pa mtedza ndi chimanga, amafuna kutentha kopitirira madigiri 200 kuti ayambe kusweka, pomwe m'kati mwa silayisi yomwe tikuwotcha simupitirira kwenikweni madigiri 100 pomwe muli chinyezi. Mumatsala ndi buledi wofiirira bwino, chuku chafa, koma chomwe chinasiyamo chidakalimo. Kumunyika mu tiyi wotentha ndiye n'kosathandiza n'komwe.

Apa tisakokomeze. Afulatokisini nkhani yake yaikulu ili pa chimanga ndi mtedza zosauma bwino, osati pa buledi. M'chaka cha 2004 anthu 125 anamwalira kum'mawa kwa dziko la Kenya atadya chimanga chokhala ndi poizoni ameneyu, koma zoterezi sizichitika chifukwa cha silayisi imodzi ya buledi. Chuku chomwe chimakonda buledi nthawi zambiri chimakhala cha mitundu ina: chobiriwira chija kawirikawiri ndi cha banja la Penisiliyamu, pomwe chaubweya chokhala ndi timitu takuda ndi Rayizopasi. M'mabanja amenewa muli mitundu yosavulaza, mulinso yotulutsa poizoni wake, wina wowononga impso. Chovuta n'chakuti maonekedwe satiuza kuti uwu ndi mtundu uti. Ngakhale akatswiri amayenera kukachimeretsa ndi kuchiyeza ku labotale kuti adziwe, ndiye ife ndi maso athu m'khitchini sitingasiyanitse.

Dzina loti Penisiliyamu limachititsa ena kuseka n'kumati ndiye kuti tikudya mankhwala aulere. N'zoona kuti mu 1928 Alexander Fleming anatulukira penisilini kuchokera ku chuku cha m'banja limeneli. Koma m'banjamo muli mitundu mazanamazana, ndipo mankhwala a kuchipatala amachokera ku mtundu wosankhidwa, amayengedwa ndi kuyezedwa mlingo. Dontho la pa lofu yathu silichiza chilonda kapena chifuwa cha munthu.

Nanga ngati mwana waluma kale, inu n'kuona chuku pambuyo? Musade nkhawa kwambiri. Munthu wathanzi akameza pang'ono kamodzi, nthawi zambiri sipachitika kanthu, mwina kamseru chabe. Alavule chomwe chili m'kamwa, atsuke m'kamwa, amwe madzi, ndipo musamukakamize kusanza. Mupite naye kuchipatala ngati akusanza mobwerezabwereza kapena kutsegula m'mimba kosaleka, ndipo muthamange naye ngati watupa milomo kapena nkhope, kapena akubanika popuma, chifukwa pali anthu omwe thupi lawo limadana ndi chuku. Chomwe chimatidetsa nkhawa kwambiri ndi chizolowezi, pakhomo pomwe sabata ndi sabata buledi wosepedwa amapita m'mimba mwa ana aang'ono. Palinso anthu omwe sayenera kuyesa n'komwe: odwala shuga yemwe sakutsika, omwe akulandira mankhwala a khansa, ndi onse omwe chitetezo cha m'thupi chatsika. Kwa iwowa mitundu ina ya chuku, kuphatikizapo Rayizopasi, ingathe kumera m'thupi momwemo, makamaka m'mphuno ndi m'mapapo, ndipo matenda ake ndi oopsa.

N'chifukwa chake sitinunkhiza buledi yemwe tamuona chuku. Ambiri timathamangira kuika mphuno m'pepala kuti titsimikize, osadziwa kuti tikukokera njerezo m'chifuwa, zomwe kwa wodwala mphumu zingadzutse nthenda. Ngati mukukayika kuti choyeracho ndi ufa kapena chuku, pitani nacho poyera: ufa ndi wosalala, umapezeka kunja kwa lofu ndipo unalipo kuyambira tsiku logula, pomwe chuku chimatukuka ngati ubweya ndipo chimamera m'timagulu tozungulira. Mukatsimikiza, mangani pepala lonse osaligwedeza, n'kukalitaya pomwe ana ndi ziweto sangafike. Galu asapatsidwe, pakuti agalu amatha kunjenjemera ndi kukomoka akadya zakudya zachuku, ndipo nkhuku nazo si dzala. Pomwe panali bulediyo patsukidwe ndi sopo ndipo paume musanaikepo wina.

Kutaya masilayisi 8 kumawawa, koma chisankho chenicheni chinali Lolemba, osati Lachinayi. Buledi akamatuluka mu uvuni amakhala alibe chuku chamoyo, chimamupeza pozizira, podulidwa ndi posungidwa. Amene timaphika tokha buledi wa tirigu wosakonola, monga ambiri amachitira Lachisanu pokonzekera Sabata, tidziwe kuti wathuyo amawonongeka msanga kuposa wa m'sitolo, chifukwa ophika ambiri a malonda amathiramo mankhwala ochedwetsa chuku. Cholakwika chachikulu ndi kumumanga m'jumbo adakali wofunda. Nthunzi imasanduka timadontho ta madzi m'kati mwa jumbo, ndipo pomwe padontha madzi m'pomwe chuku chimayambira. Lofu izizire pa waya kapena pa lichero kwa maola awiri kapena kuposapo, mpaka pansi pake pasamveke kufunda, kenako ikulungidwe m'nsalu yoyera youma, kutali ndi mbaula, ndipo tizidula yokhayo yomwe tidye nthawi imeneyo.

Amene ali ndi firiji agawe lofu tsiku lomwe yafika. Ya masiku awiri ikhale kunja, yotsalayo ipite ku mbali youmitsa madzi ija itadulidwa kale, kuti muzingotulutsa masilayisi omwe akufunika. Kumeneko buledi amatha miyezi itatu asanasinthe kakomedwe. Mbali yongoziziritsa imachedwetsa chuku, koma buledi amalimba msanga ndipo amakoma pokhapokha atawotchedwa. Kuzizira sikupha chuku, kumangochigonetsa, choncho lofu yomwe yaonetsa kale dontho siipulumuka poiika m'firiji.

Kopanda magetsi njira ndi kugula theka la lofu m'nyengo ya mvula, kapena kugawana imodzi ndi a pakhomo loyandikana. Ndipo mukaona kuti buledi satha pofika tsiku lachiwiri, muduleni mopyapyala asanaonetse kanthu, mumuumitse pa moto wochepa mpaka azithyoka kuti khotcho m'kati momwe, azizire, n'kumutsekera m'chitini chouma. Chuku sichimera popanda chinyezi, ndipo buledi wouma chotere amakhala masabata angapo, ana n'kumanyika mu tiyi kapena mu mkaka wa soya.