Ziganizo zitatu pansi pa chithunzi cha amayi

Ana a ku Mkanda amene anakhazikika ku Lilongwe, ku Chipata ngakhale ku Joni ali ndi mwambo watsopano. Likafika tsiku lobadwa la amayi awo, amafukula chithunzi chakale n'kuchiika pa WhatsApp kapena pa Facebook. Zithunzizo zimakhala zokoma. Chimene chimagwetsa ulesi ndi mawu olembedwa pansi pake: mfumukazi yanga, mngelo wanga, moyo wanga wonse, kenako timitima tofiira mzere wathunthu. Mawu otere angathe kukwanira mayi aliyense wa m'boma la Mchinji, ndipo n'chifukwa chake sakhudza mtima wa mayi ngakhale mmodzi.

Tiyerekeze mphunzitsi wina wobadwira kwa Mkanda ali ndi chithunzi cha 1994, chaka chimene sukulu za pulayimale zinayamba kukhala zaulere. Iye waima chilili mu yunifolomu yomukulira, phazi lili pansi. Amayi ake avala chitenje ndi duku, dzanja lili pa phewa la mwanayo, nkhope ili gwa. Si kuti anakwiya. Masiku amenewo wojambula ankabwera pa njinga, filimu inkayenera kudzaza kaye isanapite kukatsukidwa kutauni, ndipo munthu ankalipira chithunzi chilichonse pachokha. Ndani akanaseka chisawawa pa chinthu chodula chotero?

Wolemba waluso sabwereza zimene maso akuona kale. Amanena chimene kamera sinagwire. Yunifolomuyo inachokera kuti? Mwina amayi anagulitsa ndowa ya mtedza pa msika wa Mkanda, ndipo anauza telala kuti asoke yaikulu kuti ifike Sitandade 3. Mfundo imodzi yoteroyo ndi yokwanira, ndipo mawu ake angakhale awa:

"Yunifolomu iyi inali mtedza wanu, ndipo munauza telala kuti asoke yaikulu ndidzakuliremo. Ndinakuliramodi, Amayi. Tsiku labwino lobadwa aNaphiri, Mulungu akusungeni."

Muli ziganizo zitatu basi. Choyamba chikukumbutsa chinthu chimene chinachitikadi, chimene achibale angachitire umboni. Chachiwiri chili ndi kanthabwala komanso kuthokoza, koma mawu akuti "ndimakukondani kwambiri" sanatchulidwe, popeza mtedzawo wanena kale. Chachitatu ndi dalitso. Taonaninso kuti ponseponse muli "inu". Achinyamata ena amalemba kuti "ndimakukonda mayi wanga" poganiza kuti "iwe" akusonyeza kuyandikana, koma azakhali akawerenga kumudzi amangoti mwana uyu wataya mwambo. Kutchula mfunda, kaya aNaphiri, aNabanda kapena aNambewe, kumatenthetsa uthenga kuposa dzina lililonse lokometsera, chifukwa ndi mmene anzawo amawaitanira pa chitsime ndi kutchalitchi.

Za zaka, ndi bwino kusamala. Amayi ambiri akumudzi tsiku lawo lobadwa linakhazikika pa pepala m'chaka cha 2017, pamene bungwe la NRB linkalembetsa anthu ziphaso zaunzika, ndipo ena anangoyerekeza potengera chaka cha njala kapena cha chinamwali chawo. Kulengeza kuti akwanitsa zaka 63 kungayambitse mtsutso pa gulu la banja, amalume n'kumati iwo ndiwo aakulu. Komanso tsiku, mwezi ndi chaka chobadwa pamodzi ndi dzina lonse si zinthu zomwaza pa Facebook masiku ano a akathyali a pa foni. Amene sakudziwa tsikulo n'komwe angadikire 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala.

Chithunzi nachonso chimafuna kuchiyang'ana kawiri. Ngati muli mwana amene anatisiya, kapena bambo amene banja linatha mokangana, kuchiika pagulu osafunsa kungasandutse chikondwerero kukhala misozi. Kudula munthu pa chithunzi kumaonekanso, makamaka dzanja lake likatsala pa phewa la wina. Pochijambulanso ndi foni, chichotsedwe mu galasi, chiikidwe pa tebulo pa khonde pamene pali mthunzi, ndipo fulashi izimitsidwe. Mtundu wake wofiirira uja usiyidwe momwemo, osaukonza mpaka amayi kuyera ngati sanapseko ndi dzuwa la kudimba.

Chotsala ndi chimene mlembi wa danga lino amadabwa nacho chaka ndi chaka. Sitetasi ya WhatsApp imafufutika pakatha maola 24, ndipo amayi ambiri a kwa Mkanda ali ndi foni ya mabatani. Anzake a mwana ku Lilongwe amaona, n'kuyankha kuti "awo ndiye amayi", koma mwini wake ali kumunda, sakudziwa kanthu. Mphunzitsi wathu uja atumize chithunzicho kwa mlongo wake kapena mdzukulu amene ali ndi foni yaikulu, amugulire bandulo ya Airtel kapena TNM, ndipo madzulo aimbe kuti awerenge yekha ziganizo zitatuzo amayi akumva. Mwina adzamutsutsa kuti sunali mtedza koma soya.