Mwasintha chabe paipi, ngongole ikali pomwepo

Pali bodza limene lazika mizu m'makomboni mwathu, kuchokera ku Chawama mpaka ku Kalingalinga, ndipo ife achinyamata ndife tikulifalitsa. Mnyamata akuti, "Ine ndinasiya fodya, manje ndimakoka chabe vepu." Mtsikana akuti, "Nsunko si fodya, ndi yochotsa chimfine." Wina amagula kamushanga kamodzi pa kantemba n'kumati sali m'gulu la osuta popeza sagula paketi. Onsewa akudyetsa chilombo chimodzi, dzina lake nikotini, ndipo chilombocho sichifunsa kuti chakudya chabwera pa mbale yanji.

Tiyambire mu bongo. Maselo a bongo amatumizirana mauthenga ndi timankhwala tawotawo, ndipo kamodzi mwa timeneti ndi asetilokolini. Pa maselo pali timaloko tomwe asetilokolini amatsegula ngati kiyi. Tsoka lake n'lakuti nikotini amalowa bwinobwino pa maloko omwewo, ngati kiyi yodulitsa pa msika. Akatsegula maloko a mbali ya bongo yoona za mphotho, kumatuluka dopamini, mankhwala amene amauza munthu kuti, "Ichi chimene wachita n'chabwino, uchitenso." Ndi dopamini yemweyo amene amatiphunzitsa kufuna nsima tikamva njala.

Chimene chimapangitsa ndudu kukhala mphunzitsi woopsa ndi liwiro. Utsi ukafika m'mapapo, nikotini amakhala wafika ku bongo pa masekondi 10 mpaka 20. Bongo sukayika kuti kukomako kwachokera kuti. Ndudu imodzi amaikoka pafupifupi ka 10, ndiye wosuta ndudu 10 pa tsiku wabwereza phunziro lomweli ka 100 asanagone. Ndi phunziro liti la kusukulu limene tinalibwerezapo ka 100 tsiku lililonse? N'chifukwa chake malo ndi nthawi nazo zimasanduka belu: kumaliza kudya, kutsegula botolo, kuima pa siteshoni ya basi.

Koma bongo sungokhala phee. Maloko akamagogodedwa tsiku lonse amachita dzanzi, osayankhanso bwino, ndipo bongo umapanga maloko ena owonjezera. Apa ndiye pagona nkhani. Munthu tsopano ali ndi maloko ambiri kuposa amene anabadwa nawo, ndipo nikotini akachepa m'magazi, onsewo amadzuka ali opanda kanthu.

Titenge kondakitala wa minibasi ya ku Matero amene wasuta ndudu yomaliza pa 22 koloko. Chiwindi chimachotsa pafupifupi theka la nikotini pa maola awiri alionse. Pofika 24 koloko kwatsala theka, pa 02 kotala, pa 04 gawo limodzi mwa 8, ndipo pa 06 koloko kwatsala gawo limodzi chabe mwa 16. Amadzuka mutu wolemera, mtima wapachala, maganizo osakhazikika. Asanasukusule n'komwe wayatsa, ndipo ndudu imeneyo ndiyo yokoma kuposa zonse za tsikulo, chifukwa maloko apuma usiku wonse ndipo ali ndi njala. Akafika pa Kulima Tower cha m'ma 09 wayambanso kukalipira okwera, amasuta, mtima n'kukhala pansi. Ndiye amatiuza kuti fodya amamuchotsera sitiresi.

Ayi, mwandi. Sitiresi imene yachokayo inabwera ndi fodya yemweyo. Zili ngati kaloba: wakongola kuti ubweze ngongole ya dzulo, wapuma pang'ono, mawa mwini ndalama ali pakhomo. Mnzake wosasuta, wogwira ntchito pa basi yomweyo, mtendere umenewo ali nawo kwaulere. Madokotala akafuna kudziwa kuti munthu wakodwa motani, limodzi mwa mafunso awo oyamba ndi lakuti pamapita nthawi yaitali bwanji kuchokera podzuka mpaka pa fodya woyamba. Ngati sipapita mphindi 30, nkhani yafika patali. Funso limeneli limagwira ntchito pa vepu ndi pa nsunko chimodzimodzi.

Za nsunko tikambe mosabisa, popeza yachoka kwa agogo n'kulowa m'zikwama za atsikana. Nsunko ndi fodya wopera, ndipo okonza ambiri amasakanizamo soda kapena phulusa. Sachita zimenezi pofuna kukometsa fungo. Soda amasintha nikotini kuti adutse mosavuta pa kakhungu konyowa ka m'mphuno ndi m'kamwa. Ndiye mukamva kuti ya amayi akutiakuti ndiyo "yamphamvu", dziwani kuti ndiyo ikulowetsa nikotini wambiri m'magazi. Yoika kuseri kwa mlomo imakwera pang'onopang'ono kuposa ndudu, koma imakhalitsa, moti maloko aja amakhala onyowa kwa nthawi yaitali. Ndipo ilibe utsi woti ikuululeni. Mukhoza kuika muli m'kalasi, mu saluni, olo mu tchalitchi. Kachizungulire kamene oyamba kumene amamva n'kumati mankhwala akugwira ntchito, ameneyo ndi nikotini akuthamangitsa mtima ndi kufinya mitsempha ya magazi. Kulikonse kumene ena amaika, nikotini amathera m'magazi omwewo.

Vepu ndiye yatipusitsa kwambiri, chifukwa imanunkhira ngati mango ndipo imaoneka ngati chinthu cha pa foni. Kale nikotini wambiri ankakanda pakhosi, munthu n'kutsokomola, ndipo kutsokomolako kunali ngati mabuleki. Mu 2015 ku America kunatuluka vepu ya Juul, imene nikotini wake anamusakaniza ndi asidi kuti asamakande. Mavepu ambiri otaya akatha, amene tikuwaona m'mashopu, amatsata njira yomweyo. Onani pa kabokosi. Pakalembedwa 5%, ndiye kuti mu mililita imodzi muli mamiligalamu pafupifupi 50 a nikotini, ndipo kavepu ka mamililita 10 kanyamula 500. Ndudu imodzi imalowetsa m'thupi miligalamu imodzi kapena awiri. Sikuti 500 yonseyo imalowa m'magazi ayi, koma onani kukula kwa nkhokwe imene mwaika m'thumba. Komanso ndudu imatha, munthu n'kutaya kachitsa. Vepu ilibe pothera. Imagona pansi pa pilo, ndipo mwini wake sadziwa n'komwe kuti wakoka kangati.

Wina atifunsa kuti, kodi vepu si yabwinoko kuposa ndudu? Pa nkhani ya mapapo, tivomereze: chimene chimapha osuta ambiri ndi utsi wa fodya woyaka, phula lake ndi mpweya wake wapoizoni, ndipo vepu siiwotcha fodya. Bambo amene wasuta zaka 20 akasiyiratu ndudu n'kupita pa vepu wachepetsa poizoni. Koma ameneyo si mwana wa giredi 11 amene sanasutepo, amene bongo wake ukali kukula mpaka zaka pafupifupi 25 ndipo umagwira phunziro la nikotini msanga kuposa wa munthu wamkulu. Ndipo bambo uja nayenso asanene kuti wasiya. Maloko ake akali ochuluka, akali kudya. Batire ikatha usiku ali ku Kanyama, tonse tikudziwa kuti kantemba kali pafupi ndipo kamushanga n'kotchipa.

Maloko owonjezera aja amachepa pokhapokha nikotini akasiya kubwera. Masiku awiri kapena atatu oyamba ndiwo owawa kwambiri: ukali, kusowa tulo, njala yosatha. Pakatha milungu iwiri mpaka inayi zambiri mwa izi zimazilala, ndipo chilakolako chikabwera chimatenga mphindi zochepa n'kudutsa. Zigamba zomata pakhungu ndi chingamu cha nikotini za ku famasi zimathandiza chifukwa zimapereka nikotini pang'onopang'ono, popanda kugunda kwa masekondi 10 kuja, ndipo mlingo wake umatsitsidwa mpaka kutha. Chimene chimavuta kufufuta ndi mabelu aja. Maloko atabwerera kale mwakale, botolo la Loweruka ndi mnzako wokupatsira "kamodzi chabe" zimakhala zikali kugwira ntchito, ndipo ambiri amene amabwerera ku fodya amagwera pamenepo.