Madandaulo a Alendi kwa Eni Nyumba: Katundu Wathu Akutha ndi Dzuwa ndi Fumbi

Bambo athu, ife alendi a mumdadada wakumadzulo tabwera ndi nkhani imodzi. Chidulireni mitengo ya mango ija kuti mumange nyumba zina, m'zipinda zathu zochezera dzuwa likumalowa kuyambira cha m'ma 2 koloko mpaka kulowa kwake. Malata a mbali imeneyi ndi aafupi, sapereka mthunzi pazenera. Kuyambira Seputembala mpaka mvula yoyamba, dzuwalo limagwera pamipando penipeni.

Mukafuna umboni, bwerani mudzatukule khushoni ya sofa m'nyumba yachitatu. Kunsi kwake ndi kofiira monga tsiku lomwe anaigula, koma pamwamba ndi pa mkono woyang'ana kuzenera pambuwa. Mayi a m'nyumbamo anayamba aganiza kuti ndi fumbi, napukuta ndi kansalu koyera konyowa. Fumbi la katondo linatsalira pakansaluko, koma mtundu wa mpando sunabwerere. Apo ndiye tinadziwira kuti mpando wasuluka, ndipo chosuluka sichibwerera ngakhale muchape ndi sopo wanji. Makatani nawo asuluka mizeremizere motsata mapindo, ndipo ena ukangowakoka akung'ambika, chifukwa dzuwa likadya utoto limafooketsanso ulusi.

Musatiyese aulesi. Zitenje timayanika chotembenuza, pamthunzi. Makhushoni timawasinthanitsa sabata iliyonse kuti asasulukire mbali imodzi. Ena tasoketsa nsalu yoyera kuseri kwa katani kuti iziyamba ndiyo kupsa, poti ndi yotsika mtengo kuisintha. Mipando yaphimbidwa ndi zitenje zakale ngati panyumba pali maliro. Tikanaisuntha kuichotsa pazenera, koma chipinda chake n'chotani choti n'kusunthiramo sofa?

Fumbi ndiye latilaka. Magalasi a mazenera angapo anasweka tisanalowe, ndipo otsalawo satsekeka bwino. Nyumbazi zilibe siling'i, choncho kamvuluvulu akadutsa pabwalo lopanda kapinga lija, fumbi limalowera pampata wa pakati pa khoma ndi malata n'kugwera paliponse. Fumbi limeneli lili ndi timchenga. Ukapukuta tebulo ndi nsalu youma, timchengato timakanda vanishi mpaka kuthima. Tikalowa m'nsalu ya mpando, munthu akamakhala timadula ulusi pang'onopang'ono. Tiziwaza madzi pabwalo m'mawa ndi madzulo? Madziwo ndi ogula, ndipo dzuwa la Okutobala limawaumitsa tisanamalize kusesa.

Pempho lathu ndi ili, bambo. Mutiwonjezere malata kumadzulo kuti pakhale kakhonde kophimba mazenera, mubwezeretse magalasi osweka, ndipo mpata wa pamwamba pa khoma utsekedwe ndi njerwa ngati siling'i yakula mtengo. Mutilolenso kudzala kapinga ndi mitengo ingapo kutsogoloku. Kuthirira tichita tokha ndi madzi otsukira mbale. Lendi munakweza chaka chino, ndipo palibe mwa ife amene anaphonyapo mwezi. Tikupempha kuti ntchitoyi iyambike Ogasiti asanafike.